Akutumizirani chithunzi cha mwala wofiira akuti ndi rube: musanatumize ndalama, chitani izi

Mlamu wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku wina, cha mwala wofiira psuu uli pachikhatho cha munthu, ukuwala ngati khala lamoto. Pansi pake analemba kuti, "Alamu, taonani, akuti ndi rube. Mwiniwake akufuna theka la ndalama lero, mawa akubwera ogula ena." Ndinawayankha kuti chimene ndikuona ine ndi chithunzi chokongola, koma mwalawo sindinauone. Anakhumudwa pang'ono, poti ankayembekezera kuti munthu amene wagwirapo miyala zaka zingapo angoyang'ana n'kunena kuti inde kapena ayi.

Chikondi cha anthu pa mwala wofiira sichopanda maziko. Rube weniweni alipodi kuno kwathu. Paphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu anapezapo miyala ya rube ndi safiro mu 1958, ndipo ku Montepuez, kumpoto kwa Mozambique, rube anatulukira wambiri mu 2009 mpaka dera limeneli linatchuka padziko lonse. Vuto ndi lakuti miyala yofiira ilipo yamitundu ingapo, ndipo pachithunzi yonse imafanana. Pali ganeti, amene ndi wofala kwambiri m'dera lathu lino ndipo mtengo wake ndi wotsika kutalitali. Pali sipinelo. Pali galasi wamba, ngakhale zidutswa za magetsi a kumbuyo kwa galimoto. Ndiye pali rube wopangidwa m'fakitale, amene ndidzamufotokoza kumapeto chifukwa ndiye wasaukitsa anthu ochenjera omwe.

Gawo loyamba: chithunzi chigwiritseni ntchito pokana, osati povomera

Foni siijambula mtundu monga ulili. Imadzisankhira yokha kuwala, imakometsera kufiira, kenako WhatsApp imachepetsa chithunzicho n'kufufuta timizere ndi timing'alu timene mukanafuna kuona. Wogulitsa naye ali ndi njira zake, zina osazichita mwa chinyengo n'komwe. Mwala akaunyowetsa ndi malovu kapena kuupaka mafuta, ming'alu imabisika. Akayatsa tochi kumbuyo kwake, ngakhale ganeti wakuda bii amaoneka wofiira ngati magazi. Akaujambula pafupi kwambiri, kamwala kochepa ngati njere ya mapira kamadzaza foni yonse. Ndipo palibe chimene chikukutsimikizirani kuti mwala wapachithunziwo ndi umene uli m'thumba mwake.

Choncho pemphani kuti ajambulenso. Mwala ukhale wouma, pa pepala loyera, panja pamthunzi masana, popanda tochi. Pambali pake aikepo rula kapena ndalama yachitsulo. Ajambule mbali zonse, ndipo chithunzi china chikhale cha mwalawo uli pasikelo, manambala akuoneka. Potumiza asankhe Document kuti chithunzi chisachepetsedwe. Pomaliza pemphani kavidiyo kakafupi akuutembenuza mwalawo pafupi ndi pepala lolembapo tsiku ndi mawu amene mwasankha inu. Wokana zinthu zosavuta chonchi wakuyankhani kale.

Zithunzi zabwino zikabwera, yang'anani maumbidwe. Rube amene sanaperepeseke ndi madzi nthawi zambiri amakhala wa mbali zisanu ndi imodzi, wophwatalala ngati nati ya bawuti, ndipo pankhope yake yafulati pamaoneka timizere topanga makona atatu. Ganeti amakonda kukhala wobulungira ngati kampira, wa nkhope 12 kapena kuposerapo. Sipinelo amaoneka ngati timadenga tiwiri tosongoka tolumikizidwa kumatako. Galasi limasweka mokhotakhota ndi m'mphepete mwakuthwa, monga botolo losweka. Mukaona kampira ka nkhope zambiri, mwasunga ndalama ya basi, musapite. Koma mukaona nati ya mbali zisanu ndi imodzi, musasangalale msanga, chifukwa alipo anthu amene amasema dala maumbidwe amenewa. Ndipo miyala yambiri imatuluka m'nthaka ili zidutswa zopanda maumbidwe alionse. Chithunzi chingakuuzeni kuti ulendo ndi wosafunika. Sichingakuuzeni kuti lipirani.

Mwala wa mlamu wanga unali chidutswa chotere, chosaoneka mutu kapena mchira. Ndinawauza kuti asatumize ngakhale tambala, koma apangane ndi mwiniwake tikumane masana.

Gawo lachiwiri: mwala uli m'manja

Kaoneni mwala m'mawa kapena masana, osati kumadzulo kapena m'chipinda cha babu lofiirira, chifukwa kuwala kotero kumakometsa mwala wofiira uliwonse. Tengani sikelo yaing'ono yowerenga mpaka magalamu 0.01, kakapu kapulasitiki, ulusi wopyapyala, maginito amphamvu, kagalasi kokuza zinthu kakhumi, ndi mandala adzuwa a mtundu umene asodzi ndi madalaivala amavala pochotsa kunyezimira. Muutsuke mwalawo ndi sopo ndi mswachi wakale, n'kuuumitsa. Wogulitsa akamakana kuti utsukidwe, dziwani kuti dothi kapena mafutawo akugwira ntchito ina.

Kuyesa kumene ndimakudalira kwambiri n'kwa kulemera. Mwala uliwonse uli ndi nambala yake yosonyeza kuti ndi wolemera kangati kuposa madzi a msinkhu wofanana nawo. Rube ndi 4.0. Sipinelo ndi pafupifupi 3.6. Ganeti wofiira amayambira cha pa 3.7 mpaka kupitirira pang'ono 4. Galasi wamba ndi cha pa 2.5, ndipo pulasitiki safika n'komwe pa 2. Mtundu ungapakidwe, koma kulemera n'kovuta kunamizira.

Njira yake ndi iyi. Yezani mwala wouma, lembani nambala. Kenako ikani kakapu ka madzi pasikelo, dinani batani la TARE kuti sikelo ibwerere pa ziro. Mangani mwala ndi ulusi, muutsitsire m'madzi mpaka umire wonse, koma ukhale ukulendewera, usakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala imene sikelo ikuonetsa tsopano ndi kulemera kwa madzi amene mwalawo wakankha. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri.

Wa mlamu wanga unalemera magalamu 2.40, ndiye kuti makalati 12, poti kalati imodzi ndi magalamu 0.2. Akanakhala rube, m'madzi sikelo ikanaonetsa 0.60, chifukwa 2.40 kugawa ndi 0.60 ndi 4.0. Likanakhala galasi tikanaona cha pa 0.96. Ife tinaona 0.63, ndipo titabwereza katatu inali yomweyo. Yankho lake ndi 3.81, nambala ya ganeti.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa njira imeneyi ili ndi malire ake amene anthu saauzana. Taonani kuti 0.60 ndi 0.63 zasiyana ndi 0.03 yokha. Sikelo ikaphonya ndi 0.01, mwala wa 4.0 uoneka ngati 3.93 kapena 4.07. Kamwala kakachepera galamu imodzi, kuphonyako kumakula mpaka yankho silithandizanso. Kathovu kamodzi kokakamira pamwala kapena paulusi kamasokoneza nambala, choncho gwedezani ulusi pang'ono musanawerenge. Mphepo nayo imasuntha sikelo, pezani malo abata. Mwala ukakhala kuti wamatirira ku thanthwe limene unamera, mukuyeza zinthu ziwiri pamodzi. Ndipo pali ganeti wina wachitsulo chambiri amene amafika ndithu pa 4.0. N'chifukwa chake kuyesa kumodzi sikukwanira, pamafunika mboni ziwiri kapena zitatu zogwirizana.

Mboni yachiwiri ndi maginito. Ganeti wofiira ali ndi chitsulo chambiri m'thupi mwake, pamene rube ali nacho chochepa. Dulani kachidutswa ka thovu loyera lija amatchingira nalo wailesi m'katoni, kayandamitseni m'mbale ya madzi, ikanipo mwala, ndiye yandikizani maginito osakhudza. Pamafunika maginito amphamvu onyezimira ngati siliva, a mtundu wopezeka m'kati mwa kompyuta yakale. Akuda a pachitseko cha firiji ndi ofooka. Ganeti amalondola maginito ngati mwana wa nkhuku kulondola make. Rube amangokhala, kapena kusuntha pang'ono chabe. Kabwato ka mlamu wanga kanathamanga kudutsa mbale yonse. Ingotsimikizani kuti mwala ndi wotsukadi, chifukwa dothi lachitsulo lotsalira m'ming'alu nalo limakokedwa.

Mboni yachitatu ndi kuwala. Rube amagawa kuwala kolowa mwa iye pawiri, pamene ganeti, sipinelo ndi galasi sizitero. Tsegulani tsamba loyera pa laputopu, valani mandala aja, pendeketsani mutu kapena tembenuzani mandalawo mpaka sikirini ide bii. Ikani mwala pakati pa sikirini ndi mandala, muuzungulitse pang'onopang'ono. Rube amawala n'kuzima, kuwala n'kuzima, kanayi pa kuzungulira kumodzi. Ganeti ndi galasi zimakhala zakuda, kapena zimaonetsa timithunzi toyenda ngati njoka popanda kuwala konse nthawi imodzi. Yesani mbali zitatu zosiyana, chifukwa rube ali ndi mbali imodzi, yoyang'ana kupyola nkhope yafulati ija, imene saphethira ngakhale ali weniweni. Mwala wosadutsa kuwala sungayesedwe motere.

Za kukanda ndinene mwachidule, poti ndi zimene aliyense amathamangira. Pa muyeso wa kulimba umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, rube ali pa 9, wachiwiri kwa dayamondi. Koma galasi la pawindo lili cha pa 5.5, ndiye kuti ganeti, sipinelo, ngakhale nsangalabwi ya kudambo, zonse zimalikanda. Wogulitsa akakanda botolo pamaso panu n'kunena kuti mwaona, sanakuonetseni kanthu. Ndipo mwala wosemedwa kale musaukande n'komwe, mungauwononge mtengo. Zouluma ndi mano, kuuwotcha kapena kuumenya ndi nyundo zisiyeni. Kulimba sikutanthauza kusasweka, rube weniweni amaphwanyika ndi nyundo.

Mboni zitatu zija zinagwirizana kuti mwalawo unali ganeti. Sindikhulupirira kuti mwiniwake ankanama. Anali bambo wachikulire amene anautola m'munda, anthu n'kumuuza kuti walemera. Ndinamva chisoni powauza kuti, "Bambo, mwala wanu ndi weniweni ndithu, koma si rube." Ogulitsa ambiri a kumudzi ali chomwechi, nawonso anangoweruza ndi maso.

Chinthu china musaiwale. Akakubweretserani miyala yambiri m'kapepala kamodzi, yesani umodziumodzi. Njira yakale ya akathyali ndi kusakaniza, miyala ingapo yeniyeni yosaoneka bwino, n'kuponyamo iwiri kapena itatu yokongola kwambiri imene ili yabodza. Maso anu amathamangira yokongolayo, ndipo ndi imene imakweza mtengo wa kapepala konse.

Gawo lachitatu: pamene manja ndi maso anu zathera

Tsopano tiyerekeze kuti mwala wapambana zonse. Yankho la kugawa kuja latuluka 4.0, maginito sanaukoke, waphethira kanayi. Mwatsimikiza chiyani? Mwatsimikiza kuti mwalawo ndi wa banja la korandamu, banja la rube ndi safiro. Simunatsimikize kuti unachokera m'nthaka.

Mu 1902 katswiri wa ku France, Auguste Verneuil, analengeza njira yopangira rube posungunula ufa pamoto wamphamvu, ufawo n'kumaundana dontho ndi dontho. Chotulukapo si galasi ayi. Ndi rube m'zonse, kulemera 4.0, kulimba 9, kuphethira chimodzimodzi. Amapangidwa wambiri pamtengo wotsika, mpaka amaikidwa m'kati mwa mawotchi. Achinyengo amamugula, amamuswa, amamugubuduza ndi mchenga kuti makona afe, amamupaka dothi lofiira, kenako amapita naye kufupi ndi migodi kumene wogula sakayika. Kugulira mwala pafupi ndi dzenje si umboni. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya rube mwala woyera mbee m'kati, waukulu, wofiira mofanana paliponse, pamtengo wokomera inu, ndi umene muyenera kuukayikira koposa. Rube wachilengedwe kawirikawiri amakhala ndi zipsera zake, timaulusi tosalala topingasana, timiyala tina tokodwa m'kati, ndi mizere ya mtundu yowongoka yokhota mwa makona.

Kagalasi kokuza kakhumi kangakuthandizeni theka la njira. Muviike mwala m'madzi kapena m'mafuta oyera m'kakapu koonekera, muunikire cham'mbali. Mukaona timathovu tobulungira, kapena mizere yopindika ngati utawaleza, ndi wam'fakitale kapena galasi, bwezani. Koma kusaona zimenezi sikukumasulani, chifukwa pamwala wosasema kunja kwake kumatchinga, ndipo pali njira zina zopangira rube zimene zimasiya zipsera zofanana kwambiri ndi zachilengedwe. Ena amawotcha wam'fakitale n'kumuponya m'madzi ozizira kuti achite ming'alu yooneka ngati yakutchire. Tochi yofufuzira ndalama zachinyengo nayo siithetsa mlandu. Rube wam'fakitale amayaka kwambiri pansi pake, koma wachilengedwe wina amayakanso, pamene wina wachitsulo chochulukirapo amangoyaka mozimiririka.

Palinso rube wochokeradi m'nthaka koma wokonzedwa. Kuyambira cha mu 2004 pamsika panadzaza miyala yong'ambikang'ambika imene ming'alu yake anaithira galasi la mtovu kuti ioneke yoyera. Pachithunzi imakongola kuposa rube wabwino. Pansi pa kagalasi, mukaitembenuza, nthawi zambiri imang'anima buluu kapena chikasu chofiirira m'ming'alumo, ndipo mumakhala timathovu. Galasilo limadyeka ndi madzi a ndimu ndi mankhwala otsukira m'nyumba, komanso limawonongeka pamoto wa wosula mphete. Mtengo wa mwala wotere ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa rube wabwino. Kukonza kwina ndi kuwotcha chabe, kumene kumachotsa kamtundu ka buluu kuti kufiira kuoneke bwino. Kuwotcha n'kovomerezeka pamalonda bola kunenedwe, koma rube wosawotcha amagulidwa mokwera kwambiri kuposa wowotcha wofanana naye. Ndipo akawotcha pamoto wochepa, monga amachitira ndi miyala ina ya ku Mozambique, ngakhale katswiri wa maikulosikopu amatha kulephera kuona, mpaka ayeze ndi makina owerenga momwe mwala ukumezera kuwala kosaoneka ndi maso.

Ndiye labotale imafunika liti? Ine ndimati pa nthawi zinayi. Pamene mwala wapambana mayeso a kunyumba ndipo ndalama yake ndi yoti ikatayika banja ligona ndi njala. Pamene mtengo wakwera chifukwa cha mawu akuti wachilengedwe kapena wosawotcha. Pamene wakwera chifukwa cha dzina la malo, kaya Chimwadzulu kaya Montepuez, poti kwawo kwa mwala kumadziwika poyeza tizitsulo tochepetsetsa ta m'kati mwake ndi kuyerekeza ndi miyala yodziwika kale, ndipo ngakhale akatswiri amakunena ngati maganizo awo. Komanso pamene mukufuna kukaugulitsa kwa wogula wakunja, amene sadzamvera mawu anu. Ganeti wa mlamu wanga sankafunika labotale, ndalama yoyezetsa ikanaposa mwalawo.

Poyambira pafupi ndi kwa akatswiri a miyala a boma, amene likulu la nthambi yawo yofufuza za m'nthaka lili ku Zomba, kapena kwa wosema miyala wophunzira amene ali ndi zida. Chida chimodzi chimayeza momwe mwala ukupindira kuwala, ndipo rube amaonetsa pakati pa 1.76 ndi 1.77. Chidachi chimafuna nkhope yosalala, choncho pamwala wosasema amapempha kupukuta kawindo kakang'ono pambali, kamene kamathandizanso kusuzumira m'kati ndi maikulosikopu. Gwirizanani ndi mwiniwake za kawindoka musanapite. Funso la kuwotcha pang'ono ndi la kwawo kwa mwala limafuna malabotale aakulu akunja, monga GIA ya ku America imene ilinso ndi nthambi ku Bangkok, kapena Gübelin ndi SSEF a ku Switzerland. Kutumiza mwala kunja, ngakhalenso kugula miyala yotere kuti mugulitse, kumafuna ziphaso za boma, choncho yambani mwafunsa ku ofesi ya za migodi malamulo amene akugwira ntchito pa nthawiyo.

Pokayezetsa, mwala usasowe pamaso pa nonse awiri. Ngati simungapitire limodzi, uyezeni pasikelo, lembani kulemera ndi miyeso yake, ujambuleni, muutsekere m'envelopu, nonse musaine pomatira. Gwirizanani polemba kuti ndalama idzaperekedwa zotsatira zikatuluka, komanso amene alipire kuyezako mwala ukapezeka wabodza. Kusinthanitsa mwala pa mphindi yomaliza, pamene mukuwerenga ndalama, kumachitika, choncho muubwezere pasikelo musanauike m'thumba.

Wogulitsa akakutumizirani chithunzi cha satifiketi, mwabwereranso pamene tinayambira, chifukwa nacho ndi chithunzi. Malabotale aakulu ali ndi njira yotsimikizira nambala ya lipoti pa intaneti. Lowetsani nambalayo nokha, muone ngati zolembedwazo zikufanana ndi za papepala. Kenako yezani mwala uli m'manja mwanu. Kulemera kufanane ndi kwa palipoti mpaka makalati 0.01, zimene zimafuna sikelo ya osula mphete yowerenga magalamu 0.001, ndipo utali, mulifupi ndi kuchindikala zifananenso m'mamilimita. Werengani mzere wonena ngati mwala ndi wachilengedwe kapena wopangidwa, ndi mzere wonena za kuwotcha kapena kuthira galasi, umene nthawi zambiri umalembedwa m'munsi ndi zilembo zing'onozing'ono. Mtengo simuupeza pamenepo, chifukwa malabotale amenewa amanena chimene mwala uli, osati ndalama zake. Za mtengo mukafunse ogula awiri kapena atatu osadziwana, mwala ndi lipoti zili m'manja.